Kachithunzi ka pakona kamene kamachedwetsa fayilo yanu pa Mac

Mukajambula zimene zili pa sikirini ya Mac, pamamveka kaphokoso ka kamera, kenaka pakona ya m'munsi chakumanja pamatulukira kachithunzi kakang'ono ka zimene mwajambulazo. Kamakhala pamenepo kwa masekondi pafupifupi 5, kenaka kamatsetsereka n'kuzimiririka. Anthu ambiri amakaona ngati chizindikiro chabe choti chithunzi chajambulika ndipo chasungidwa. Kujambulika kokha n'zoona, koma kusungidwa ayi. Nthawi yonse imene kachithunziko kali pakonapo, fayilo yanu imakhala isanafike pa Desktop kapena m'foda ina iliyonse imene munasankha. Imafika kachithunziko kakachoka.

Apa ndi pamene pamachokera dandaulo limene mumalimva m'maofesi ndi m'nyumba zosindikizira nkhani, loti Mac yakalamba kapena yadzaza, ikuchedwa kusunga zithunzi. Ena amafika pofufuta mafayilo ofunika poganiza kuti malo atha. Chonsecho kompyutayo ilibe vuto. Ikukudikirani mwadala, ndipo mungathe kuiuza kuti isamadikire. Ntchito yake sifika ndi mphindi imodzi yomwe.

Kachithunzika sikanalipo kuyambira kale. Kampani ya Apple inakayambitsa pa iPhone ndi iPad m'chaka cha 2017, mu iOS 11, ndipo m'chaka cha 2018 kanafika pa Mac pamodzi ndi macOS Mojave, imene nambala yake ndi 10.14. Chaka chomwecho pulogalamu yakale yojambulira sikirini yotchedwa Grab inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa Screenshot. Amene anazolowera High Sierra ndi zam'mbuyo mwake amakumbukira kuti ukangodina Shift-Command-3, fayilo inkagwera pa Desktop nthawi yomweyo. N'chifukwa chake amene amadandaula kwambiri ndi anthu amene akhala ndi Mac zaka zambiri. Manja awo anaphunzira liwiro lina, ndipo kompyuta inasintha khalidwe osawafunsa.

Maganizo a Apple pa nkhaniyi ndi omveka. Zithunzi zambiri za pasikirini sitijambula kuti tizisunge. Timajambula kuti titumizire munthu, tizunguze pamene palakwika, kapena tidule mbali imodzi yokha. Ndiye Mac imayamba yaika chithunzicho m'foda yongoyembekezera, yobisika mkati mwa kompyuta, n'kukuonetsani kachithunzi kaja kuti munene chochita. Zili ngati telala amene wamaliza kusoka koma wagwirabe chovala m'manja, akudikira kuti munene ngati apindeko m'munsi asanachiike m'jumbo. Mukadina kachithunziko, pamatseguka zida zolembera ndi kudulira. Mukakakoka, mungakagwetsere mu imelo, m'kalata imene mukulemba kapena m'foda. Mukapanda kuchita kalikonse, masekondi aja amatha ndipo fayilo imasamutsidwira kumalo ake enieni.

Kwa munthu wojambula chithunzi chimodzi patsiku, palibe chodandaulitsa. Vuto limaonekera kwa amene ntchito yake imafuna fayilo yeniyeniyo msangamsanga, ndipo kutaya masekondi si mbali yoopsa kwambiri ya vutolo.

Tiyerekeze mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono. Kumapeto kwa mwezi akulipira anthu amene anabweretsa katundu, ndipo akalipira aliyense kudzera pa intaneti, amajambula umboni wa malipirowo n'kuutumiza kwa mwini wake. Pa sikirini pali mawindo awiri: la banki, ndi la imelo. Alipira woyamba, adina Shift-Command-4, akoka kamtanda kuzungulira umboni uja, asiya. Kaphokoso ka kamera kamveka. Apita ku imelo, adina poikira fayilo, asankha Desktop, atenga fayilo ya pamwamba pa mndandanda, atumiza. Pa woyambayu zonse zayenda bwino, chifukwa anayamba alemba kaye mawu a moni, ndipo masekondi 5 anatha iwo akulemba.

Pofika pa wachisanu ndi chimodzi manja apepuka. Moni analemba kale, akungokopera. Ajambula, athamangira ku imelo, atsegula Desktop pasanathe masekondi 3. Fayilo ya pamwamba pa mndandanda ili ndi dzina loyamba chimodzimodzi ndi zinzake zonse, `Screenshot`, kenaka deti la tsikulo, kenaka nthawi. Aitenga, atumiza. Koma fayilo imeneyo ndi ya munthu wachisanu. Ya wachisanu ndi chimodzi inali idakali pakona, isanafike. Munthu walandira umboni wa malipiro a mnzake, dzina ndi kuchuluka kwa ndalama zili poyera, ndipo mayi aja adzadziwa foni ikalira: "Pepani mayi, mwanditumizira za eni ake."

Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ine ndimalimbikitsira anthu a ntchito zotere kuti akazimitse. Mayina a mafayilowa amangosiyana pa manambala a kumapeto, mwachitsanzo `Screenshot 2024-03-28 at 15.42.07.png` ndi `Screenshot 2024-03-28 at 15.43.31.png`. Diso lotopa siliona kusiyana kumeneko. Limangokhulupirira kuti ya pamwamba ndi yatsopano, ndipo pa masekondi 5 aja chikhulupiriro chimenechi chimakhala cholakwika. Nthawi yotayika nayo ilipo ndithu. Mphunzitsi amene akukonza malangizo a zithunzi 40, akamadikira chilichonse kuti chifike asanachiike m'kalata yake, amataya masekondi 200, omwe ndi mphindi 3 ndi masekondi 20 ongoyang'ana pakona. Koma mphindi zotayika sizipweteka munthu wina. Fayilo yolakwika imapweteka.

Kuzimitsa kwake

Dinani Shift, Command ndi 5 pamodzi. M'munsi mwa sikirini mutuluka kampanda kopingasa kokhala ndi tizizindikiro. Tatatu toyamba n'tojambulira sikirini yonse, windo limodzi, kapena gawo limene mwasankha. Totsatira n'tojambulira kanema wa zimene zikuchitika pa sikirini. Chakumanja kwake kuli mawu akuti Options. Dinani pamenepo.

Menyu imene itseguke ili ndi zigawo. Pamwamba pali Save to, posankhira kumene zithunzi zizipita. Pakati pali Timer. M'munsi muli gawo lina lotchedwanso Options, ndipo mzere wake woyamba ndi Show Floating Thumbnail, wokhala ndi kachizindikiro kochonga kumanzere kwake. Dinani mzere umenewo kamodzi. Menyu itsekeka, ndipo mukaitsegulanso muona kuti kuchonga kuja kwachoka. Tsopano dinani Esc kuti kampanda kaja kachoke. Simufunika kujambula chithunzi kuti zimenezi zigwire, ndiponso simufunika kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso.

Ngakhale mwasinthira pa Shift-Command-5, kusinthaku kumakhudza njira zonse zojambulira. Shift-Command-3 ya sikirini yonse, Shift-Command-4 ya gawo, ngakhalenso Shift-Command-4 yotsatizana ndi Space yojambulira windo limodzi, zonse zimasiya kuonetsa kachithunzi kaja. Makanema a pasikirini nawonso amapita molunjika kumalo ake mukangowaimitsa.

Musangokhulupirira kuti zatheka, yesani. Tsegulani windo la Finder, sankhani Desktop pamndandanda wa kumanzere, ndipo lisiyeni poonekera. Dinani Shift-Command-3 maso ali pa windolo. Fayilo yatsopano iyenera kutulukira musanawerenge n'komwe kufika pa 2, ndipo pakona pasaoneke kanthu. Mukafuna kumvetsa bwino zimene zinkachitika, chitani zomwezi musanazimitse: muona windo lili phee, kachithunzi kali pakona, kenaka kakangochoka fayilo n'kutulukira.

Pali timisampha tiwiri tating'ono pa njira imeneyi. Ngati Mac yanu munailumikiza ku kiyibodi ya kompyuta wamba, monga zimakhalira pa Mac mini zambiri zogula kwa munthu wina, simupeza batani lolembedwa Command. Batani la chizindikiro cha Windows ndi limene limagwira ntchito imeneyo. Ndipo ngati mwadina Shift-Command-5 koma palibe chikutuluka, mwina wina anasintha kapena kuzimitsa njira yachiduleyi. Musavutike nayo. Dinani Command ndi Space, lembani `Screenshot`, dinani Return, ndipo kampanda komwe kaja katuluka. Pulogalamuyi imakhala m'foda ya Utilities, mkati mwa Applications. Ikapanda kupezeka kumeneko, dinani chizindikiro cha apulo pakona ya kumwamba chakumanzere, sankhani About This Mac, muone mtundu wa macOS. Ngati ndi High Sierra kapena yakale kuposa pamenepo, kachithunzika kulibe m'kompyuta yanu, ndipo kuchedwa kumene mukuona kukuchokera kwina.

Amene amakonza makompyuta ambiri, monga a m'chipinda chophunzirira kapena a pa ofesi yonse, amakonda kuchita zimenezi polemba lamulo mu Terminal, chifukwa lamulo limodzi angaliike pamodzi ndi ena onse okonzera kompyuta yatsopano. Lamulo lake ndi ili:

```
defaults write com.apple.screencapture show-thumbnail -bool false
```

Likayenda bwino silinena kanthu, limangokubwezerani mzere wopanda mawu. Kuti mutsimikize, funsani kompyutayo zimene yasunga:

```
defaults read com.apple.screencapture show-thumbnail
```

Ikayankha `0`, ndiye kuti kachithunzi kazimitsidwa. Ikayankha `1`, n'koyaka. Pa Mac imene palibe anakhudzapo mbali imeneyi, yankho limakhala uthenga wothera ndi mawu akuti `does not exist`. Uthengawu usakuopseni. Ukungotanthauza kuti palibe chosankha chimene chinalembedwapo, ndiye Mac ikutsatira chizolowezi chake, chomwe ndi kuonetsa kachithunziko. Mukadzafuna kubwezeretsa, lembani lamulo loyamba lija koma kumapeto muike `true`, kapena ingochonganinso mu menyu ya Options. Menyuyo ndi lamuloli zimasintha chinthu chimodzimodzi. Kusinthako kukachedwa kuoneka, lembani `killall SystemUIServer`, kapena tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso.

Anthu amalakwitsa m'malo awiri pano, ndipo onse awiri amasocheretsa chifukwa munthu amakhala akuganiza kuti wachita bwino. Poyamba ndi kuika `sudo` kutsogolo kwa lamulo, poganiza kuti kuteroko kulipatsa mphamvu. Chosankha chimenechi ndi cha munthu aliyense payekha, chimasungidwa mu fayilo ya `com.apple.screencapture.plist` m'foda ya Preferences ya akaunti yake. Mukaika `sudo`, mukulembera akaunti yaikulu ya kompyuta, osati yanu, ndipo kachithunzi kanu kapitiriza kutuluka ngati kuti simunachite kanthu. Pa chifukwa chomwechi, Mac ya pabanja imene bambo, mayi ndi ana ali ndi maakaunti osiyana imafuna kuti aliyense azimitse kwake. Kulakwitsa kwachiwiri kumachokera pokopera lamulo limene linadutsa m'pulogalamu yolembera makalata. Mapulogalamu otere nthawi zina amasintha kamzere kakafupi ka kutsogolo kwa `bool` n'kukatalikitsa. Pamaso kusiyana kwake n'kochepa, koma kwa Terminal ndi chilembo china. Njira yosalakwika ndi kulemba lamulolo ndi manja anu, kenaka n'kuwerenga yankho la `defaults read`.

Mwazimitsa koma fayilo ikuchedwabe

Apa m'pofunika kusiyanitsa kuchedwa kwa mitundu iwiri, chifukwa zonse zili m'menyu imodzi ndipo anthu amazisokoneza. Timer imachedwetsa kujambula kwenikweniko. Mukasankha masekondi 5 kapena 10 n'kudina Capture, Mac imawerenga chotsitsa kaye isanajambule, kuti mupeze mpata wotsegula menyu kapena kuika mbewa pamene mukufuna. Kachithunzi ka pakona kamachedwetsa kusunga, kujambula kutachitika kale. Kuzindikira kwake n'kosavuta: mverani kaphokoso ka kamera. Mukadikira kaphokosoko kasanamveke, ndi Timer, ndipo muibwezere pa None. Mukadikira katamveka kale, ndi kachithunzi.

Nthawi zambiri, komabe, fayilo imene munthu akuti yachedwa imakhala itafika kale koma sakuiona. Choyamba kuyang'ana ndi gawo la Save to. Ngati kuchonga kuli pa Clipboard, palibe fayilo imene ipangidwe, chithunzicho chikungodikira kuti muchimate penapake ndi Command-V. Ngati kuli pa Documents kapena pa foda ina, mukufunafuna pa Desktop pachabe. Chachiwiri ndi Stacks, imene inabweranso ndi Mojave yomweyo. Ikayatsidwa, imaunjika mafayilo a pa Desktop m'timilu malinga ndi mtundu wake, ndipo chithunzi chatsopano chimalowa mu mulu wa Screenshots popanda kutenga malo atsopano. Mumayang'ana pa Desktop n'kuona ngati palibe chasintha. Dinani muluwo, mupeza chili momwemo. Pa macOS Ventura ya 2022 ndi zotsatira zake palinso Stage Manager, imene ingabise zonse za pa Desktop. Pa zonsezi, windo la Finder ndi limene limanena zoona, osati nkhope ya Desktop.

Pali kuchedwa kwina kumene kuzimitsa kachithunzi sikungathetse. Ngati Desktop yanu imalumikizana ndi iCloud Drive, kapena zithunzi zimapita m'foda ya Dropbox kapena OneDrive, fayilo imafika pa Mac nthawi yomweyo koma imatenga nthawi kuti ikafike pa foni kapena pa kompyuta ya mnzanu. Kumeneko n'kuchedwa kwa intaneti. Zithunzi za pasikirini zimasungidwa mu mtundu wa PNG, ndipo cha sikirini yonse ya Retina chingathe kukwana mamegabaiti angapo. Kwa amene amagula bandulo ya deta, izi n'zofunika kuziganizira, chifukwa chithunzi chilichonse, ngakhale cholakwika, chimakwera pa intaneti chikangofika m'foda yotere. Nzeru yake ndi kupanga foda ya zithunzizi kumalo kosalumikizidwa, n'kuisankha kudzera pa Other Location m'gawo la Save to.

Zimene mumataya

Sindinganene kuti aliyense azimitse. Kachithunzika kali ndi ntchito zitatu zimene zimapita nako limodzi, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanadine.

Yoyamba ndi kulemba pa chithunzi msanga. Iyi siitayika kwenikweni, imangosuntha. Sankhani fayilo mu Finder, dinani Space kuti ioneke, ndipo pamwamba pa windo lotulukalo pali chizindikiro cha nsonga ya cholembera chimene chimatsegula zida zomwe zija: mivi, mabokosi, mawu ndi chodulira. Kwa amene amalemba pa chithunzi chilichonse, pali njira ina yabwino koposa, yosankha Preview m'gawo la Save to, kuti chithunzi chizitseguka mu pulogalamuyo mukangojambula.

Yachiwiri ndi kutaya chithunzi cholakwika chisanasungidwe. Kachithunzi kakakhala koyaka, mungakadine mutagwira Control n'kusankha Delete, ndipo Desktop imakhala yoyera. Mukazimitsa, chilichonse chimene mwajambula chimasungidwa, chabwino ndi choipa chomwe, ndiye kusesa kumakhala kwanu.

Yachitatu anthu saiganizira mpaka itawagwera. Kachithunzika ndi umboni wooneka ndi maso woti mwajambuladi, komanso woti mwajambula chinthu choyenera. Kakachoka, kamene kamatsala ndi kaphokoso ka kamera kokha. Ngati mwatsitsa mawu a kompyuta chifukwa muli mumsonkhano, kapena munazimitsa Play user interface sound effects m'gawo la Sound, mumadina mabatani ndipo palibe chooneka kapena chomveka. Munthu amadinanso kachiwiri ndi kachitatu poganiza kuti sizinagwire, n'kudzapeza mafayilo atatu ofanana. Amene amajambula zinthu zosabwereza, monga uthenga wa vuto umene umangoti phethi pa sikirini n'kusowa, asiye windo la Finder lotsegula pambali kuti aziona fayilo ikufika.

Tsono pali anthu amene kachithunzika kamawathandiza masiku ambiri, n'kumawatsekereza mwa apo ndi apo. Amenewa safunika kuzimitsa. Mu menyu ya Options mulibe pofupikitsira masekondi aja, muli kuyatsa ndi kuzimitsa basi, koma dzanja lingathe kuwadula. Ikani mbewa pa kachithunziko n'kukakankhira kumanja, ndi zala ziwiri pa malo oyendetsera zala a laputopu kapena pokakoka ndi mbewa. Kachoka nthawi yomweyo ndipo fayilo isungidwa pompo. Chenjerani ndi kusiya mbewa ili pamwamba pake, chifukwa Mac imaona ngati mukuganizabe chochita ndipo imakasunga pamenepo. Mukakadina mwangozi, windo lolembera limatseguka ndipo limakudikirani mpaka mutadina Done.

Njira ina, imene kwa ine ndi yothandiza kuposa zonse kwa munthu wongofuna kutumiza, ndi kuwonjezera Control pa mabatani ojambulira. Control-Shift-Command-4 imajambula gawo limene mwasankha n'kuliika pa Clipboard, popanda fayilo ndiponso popanda kudikira. Mumapita pamene mukulemba uthenga, n'kudina Command-V. Malire ake ndi akuti Clipboard imasunga chinthu chimodzi, ndiye mukakopera china musanamate, chithunzi chija chalowedwa m'malo. Komanso mawebusayiti ena amafuna fayilo yeniyeni yosankha pa mndandanda, salola kumata.

Kwa mayi osunga mabuku aja, Control yokha siikwanira, chifukwa umboni wa malipiro uyenera kutsala m'kompyuta kuti odzafufuza mabuku adzaupeze. Chowayenera ndi zinthu zitatu zochitira pamodzi tsiku lolipira lisanafike. Apange foda ya mwezi umenewo n'kuisankha pa Other Location, kuti maumboni asasakanikirane ndi zithunzi zina za pa Desktop. Achotse kuchonga pa Show Floating Thumbnail, kuti fayilo ya pamwamba pa mndandanda izikhaladi imene angojambula kumene. Ndipo pa windo losankhira fayilo lija, asanadine Open kapena Choose, adine Space kamodzi pa fayilo imene asankha. Chithunzicho chikula pa sikirini, awerenge dzina la wolandira ndi ndalama zake, adinenso Space kuti chitsekeke, ndiyeno atumize.